Ndidadikira reti masiku 12, ndidaluza malata 10

M'nyumba yomwe timachita lendi anthu anayi ku Germiston, kuno ku Joni, mawu oyamba m'mawa sakhala moni. Amene wayamba kudzuka amagwira foni, wina ali m'bulangete amafunsa: “Lero ili pa zingati?” Palibe amene amafunsa kuti chili pa zingati n'chiyani. Tonse timadziwa kuti akunena dola. Awiri ndife a ku Misuku, mmodzi wa ku Kameme, wina wa ku Mzimba, ndipo tonse tili ndi anthu kumudzi amene amawerengera tsiku lathu lolandira kuposa eni akefe.

Ine ndimagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu, ndimalandira pa 25. Kwa zaka zingapo ndinkadziona ngati katswiri pa nkhani ya reti. Ndinkasunga kakope momwe ndinkalemba mtengo wa dola tsiku lililonse, ndipo anzanga akafuna kutumiza ndalama ankayamba andifunsa. Mwezi wa Novembala 2023 ukatswiri umenewo udasasula denga la chipinda chimodzi cha nyumba ya amayi anga, denga lisadakhomedwe n'komwe.

Ndisanafike pa nkhani ya dengalo, ndifotokoze kaye chimene munthu wolandira marandi amakhala akuyang'ana akamati akuyang'ana dola, chifukwa ambiri timangoona nambala ikukwera ndi kutsika osadziwa kuti ikusuntha ndi mbali iti.

Randi sipita ku kwacha molunjika. Pakati pamakhala dola. Mtengo umene kampani yotumiza ndalama imakuonetsa pafoni umachokera pa mitengo iwiri: marandi angati akugula dola imodzi, ndiponso dola imodziyo ikugula makwacha angati. Ukagawa nambala yachiwiri ndi yoyamba, umapeza makwacha amene randi imodzi ikubweretsa, kenako kampani imadulapo kake. Tsono mitengo iwiriyi ili ndi makhalidwe osiyana kwambiri. Wa randi umasuntha mphindi iliyonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, poti umagulitsidwa pamsika wapoyera wa dziko lonse. Wa kwacha, uja wovomerezeka, umaima malo amodzi miyezi yambirimbiri, kenako tsiku lina Reserve Bank of Malawi imangolengeza kuti wasintha. Chilengezereni K1,751 mu Malichi 2024, nambala imeneyo sidasunthe. Chaka chidatha, masankho a pa 16 Sepitembala 2025 adadutsa, iyo ili pomwepo. Choncho zonse zimene timaziona zikugwedezeka pafoni m'mawa uliwonse si kwacha ayi. Ndi randi.

Titenge R3,000, ndipo kuti masamu aphweke tinene kuti dola ili pa K1,750. Dola ikakhala pa R18.50, ndalama imeneyi ikubweretsa pafupifupi K283,800. Randi ikalimba n'kufika pa R18.00, ikubweretsa K291,700. Kusiyana kwake ndi K7,900. Si ndalama yoiseka, kumudzi imagula sopo ndi mchere. Koma kuti randi isunthe ndi masenti 50 pamafunika sabata yabwino ndithu, ndipo ikhoza kusunthira kumene iwe sukufuna. Masabata ambiri imangosewera ndi masenti 20 kapena 30. Apo ndi pamene pathera mphotho yonse ya munthu wodzuka ndi foni m'manja.

Ikasuntha kwambiri, chifukwa chake chimakhala chinthu chimene palibe wa ife akadachilota. Pa 11 Meyi 2023 kazembe wa America ku South Africa, Reuben Brigety, adauza atolankhani kuti sitima ya ku Russia yotchedwa Lady R idanyamula zida ku Simon's Town. Randi idagwa tsiku lomwelo, ndipo pomatha mweziwo idali itayandikira R20 pa dola. Mu Epulo 2025 idafikanso pafupi pomwepo Donald Trump atalengeza misonkho yake pa katundu wolowa m'dziko la America, uku zipani za m'boma la mgwirizano kuno zikukangana za msonkho wa VAT. Pakati pa ziwirizi, mu Sepitembala 2024, idalimba mpaka kufupi ndi R17. Ndiuzeni, ndani wonyamula makatoni ku Germiston akadadziwa zimene kazembe adzayankhule Lachinayi masana? Ngakhale a m'mabanki a ku Sandton, amene amalipidwa kuti azilosera zimenezi, amaphonya.

Tsopano za malata.

Nyumba ya amayi ili pamtunda, kuyang'anizana ndi nkhalango ya Mughese, pakati pa nthochi ndi khofi amene bambo adasiya. Chaka chimenecho tidaumba njerwa, tidawotcha, ndipo pofika Okutobala khoma la zipinda zitatu lidali litafika pamwamba, mitengo ya denga itakhomedwa. Njerwazo adamangira dothi, osati simenti, monga zimakhalira nyumba zambiri kwathu. Amene adakhalako ku Misuku akudziwa kuti mvula ya kumeneko sichita nthabwala: imayamba msanga, imatha mochedwa, ndipo khoma lomangira dothi likakhala pamtetete limamwa madzi ngati chinkhupule. Padangotsala malata 30. Mng'ono wanga adafunsa mtengo ku Karonga, adamuuza K11,000 limodzi. Malata okha K330,000, kuwonjezerapo misomali ndi galimoto yokweza nawo phiri kuchokera pa Kapoka, pamene msewu wathu umapatukira kuchoka mu msewu wa tala wa Karonga–Chitipa. Zonse pamodzi tidawerengera K385,000.

Pa 25 Okutobala, Lachitatu, ndidali ndi R6,000 m'manja. Tsikulo dola idali cha m'ma R19, ndipo kwacha idali pa K1,180. Ndidawerengera n'kupeza kuti randi imodzi ikubweretsa K62, zonse pamodzi K372,000 ndi kakusintha. Zikuperewera K13,000. Ndikadatha kubwereka R200 kwa mnzanga wa ku Kameme n'kutseka nkhaniyo usiku womwewo. Koma kakope kanga kankandiuza kuti R19 ndi mtengo woipa, randi ibwerera. Amayi atandiimbira ndidawauza kuti adikire pang'ono.

Kwathu timayankhula Chisukwa, apa ndikungomasulira. “Mwanangu,” adatero amayi, “mitambo yayamba kusonkhana ku Wilindi. Reti yakoyo ikudziwa zimenezo?”

“Amayi, musadandaule. Sabata imodzi yokha. Mudzaona nokha.”

Ndipo ndidalondola, n'chimene chimandipweteka mpaka lero. Kumayambiriro kwa Novembala banki yaikulu ya ku America idasiya chiwongoladzanja pomwe chidali, dola idafooka, randi idalimba kufika cha m'ma R18.30. Lolemba pa 6 Novembala madzulo ndidatumiza. Randi imodzi idabweretsa K64 ndi kanthu, ndipo mufoni ya mng'ono wanga mudalowa ndalama yokwana ndendende bajeti yathu. Masiku 12 odikira adandipatsa K14,000, mtengo wa lata limodzi ndi misomali pang'ono. Usiku umenewo ndidagulira anzanga zakumwa.

Lachiwiri mng'ono wanga adatsetsereka kupita pa malo a malonda kukatapa ndalamayo. Ejenti woyamba adati alibe ndalama yochuluka choncho. Wachiwiri adam'patsa theka n'kumuuza kuti abwerenso mawa. Lachitatu m'mudzi mudagwa maliro a munthu wamkulu, ndipo kwathu mnyamata sachoka pamudzi kukagula malata anzake akukumba manda. Usiku wa Lachitatu lomwelo, pa 8 Novembala, Reserve Bank idatulutsa chikalata chakuti kuyambira mawa lake dola izigulitsidwa pa K1,700, kuchoka pa K1,180. Adati kwacha yatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti.

Ndidauona uthengawo ndili pantchito Lachinayi m'mawa. Choyamba kubwera m'mutu chidali masamu a munthu wadyera: ndikadadikira masiku atatu okha, R6,000 yanga ikadabweretsa pafupifupi K550,000. Ndidadzitukwana tsiku lonse chifukwa cha K165,000 imene “ndidaiphonya”. Sindidadziwe kuti vuto lenileni silidali limenelo.

Mng'ono wanga ataimbira wa sitolo ku Karonga, adamuyankha kuti malata sakugulitsa kaye, akudikira mitengo yatsopano. Pa 10 Novembala bungwe la MERA lidakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, dizilo kuchoka pa K1,920 kufika pa K2,734. Pamene ankafika ku Karonga sabata yotsatira, lata lija la K11,000 lidali pa K16,000, ndipo mwini galimoto naye adali atakweza. Atachotsa za misomali ndi mayendedwe, padatsala K320,000. Adandiimbira ali m'sitolo momwemo.

“Achimwene, akukwana 20. Ndigule, kapena tidikire mwina atsika?”

Ndidamuuza kuti agule msanga asadakwerenso. Zipinda ziwiri zidafoleredwa. Chachitatu adachiphimba ndi pulasitiki ndi masamba a nthochi, koma mphepo ya kumapiri kuja sigwirizana ndi pulasitiki. Pofika Januwale khoma la kumpoto lidang'aluka, ndipo mbali ina idagwa usiku. Mwamwayi simudagone munthu.

Nditakhala pansi n'kuwerengeranso modekha, ndidaona chinthu chimene kakope kanga sikadandiphunzitse. Ndikadatumiza pa 25 Okutobala, pa reti “yoipa” ija, malata onse 30 akadagulidwa pa K11,000 sabata yathunthu chilengezo chisadabwere. Ndikadatumiza pa 10 Novembala, pa reti “yabwino” ya K550,000, malata 30 pa K16,000 akadadya K480,000, yotsalayo n'kupita ku misomali ndi galimoto yokwera mtengo. Uku malata 30, ukonso malata 30. Wotumiza msanga sadaluze, wotumiza mochedwa sadapindule kwenikweni. Woluza adali mmodzi yekha: amene tsiku la chilengezo lidamupeza atagwira makwacha m'manja, atasiyana kale ndi randi koma asadafike pa katundu. Ngozi sidali pa tsiku lotumiza. Idali pa masiku a pakati pa kulandira ndi kugula, ndipo ku Misuku masiku amenewo amachuluka: ejenti alibe ndalama, maliro, msewu waterera, galimoto yatsika kale m'mamawa, kapena netiweki yathawa moti munthu akwere kaphiri kuti uthenga ulowe.

Pali mnzathu wina kuno amene adapinduladi sabata imeneyo, ndipo nkhani yake idandithandiza kumvetsa mbali yotsala. Iye adatumiza pa 11 Novembala ndalama ya fizi ya mwana wake wa kusekondale ndiponso yobweza ngongole ya banki m'khonde imene mkazi wake adatenga. Fizi ya teremu imeneyo idali italembedwa kale m'makwacha, ngongole nayonso chimodzimodzi. Zinthu zimenezi sizidakwere Lachinayi lija. Iye adalipira ndi marandi ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene akadalipira Lolemba, ndipo phindu lake lidali lenileni.

Kuyambira pamenepo ndimagawa zofuna za kumudzi pawiri ndisadayang'ane n'komwe reti. Pali zinthu zimene mtengo wake udabadwira m'makwacha ndipo umachedwa kusintha: fizi, ngongole, malipiro a mmisiri amene mudagwirizana kale, aganyu othyola khofi, chopereka cha kutchalitchi. Ndiye pali zinthu zimene zimangolembedwa m'makwacha koma mtima wake ndi dola: malata, feteleza, mankhwala opopera khofi, sola, mafuta a galimoto. Zoyambazo, ngati tsiku lolipira lili patali, palibe chifukwa chothamangira. Ndalamayo ikhale m'marandi mpaka sabata imene ikufunika. Zachiwirizo, tsiku labwino lotumiza ndi limene munthu waima kale m'sitolo, katundu wamuona, mtengo wautsimikiza, galimoto yobwerera ilipo.

Ena amati kutsitsa kwa kwacha kumaoneka kukubwera, ndiye munthu wanzeru angodikira. Zoona, zizindikiro zimakhalapo. Mu 2023 zidali poyera: mizere ya mafuta, mabanki opanda dola, kwacha ikutsetsereka pang'onopang'ono kuchoka pa K1,036 kufika pa K1,180 m'miyezi yochepa, komanso boma lili pa zokambirana ndi IMF, imene idavomereza ngongole yake patangotha sabata chilengezo chija chitachitika. Mu Meyi 2012, pamene boma la Joyce Banda lidachotsa kwacha pa K168 kuiika pa K250, nkhani idali yofanana. Pa 27 Meyi 2022, pamene idatsitsidwa ndi 25 peresenti, chimodzimodzi. Koma zizindikiro zimakuuza kuti mtengo wapendekeka, sizikuuza tsiku limene ugwe. Chaka cha 2024 ndi 2025 zizindikiro zomwezo zidalipo, mizere ya mafuta yaitali kuposa kale, ndipo tidali ndi anzathu amene ankasunga marandi akuti “mwezi uno atsitsa basi”. Mwezi udatha, wina udatha, osatsitsa. Nthawi yonseyo mitengo ya zinthu kumudzi inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka, kutanthauza 2 peresenti ndi kanthu mwezi uliwonse. Munthu wodikira mwezi wathunthu kuti randi imuwonjezere 2 peresenti amapeza kuti sitolo yadya kale 2 peresenti imeneyo.

Malume anga, amene adagwirako ntchito ku Kitwe kenako kuno, ali ndi lamulo lawo lakale. Amati osatumiza ndalama yaikulu nthawi ya msika wa fodya, kuyambira Epulo mpaka cha mu Ogasiti, chifukwa madola amachuluka ndipo kwacha imalimba. Tumiza kumapeto kwa chaka, pamene dziko likuitanitsa feteleza ndipo dola yasowa. Sankanama. Zaka zotsatira 2012, kwacha itasiyidwa kuti iziyenda yokha, inkatsatadi nyengo chotero. Koma lamulo limenelo limagwira pamene mtengo wovomerezeka ukuloledwa kusuntha. Lero nyengo ya fodya imabwera n'kupita, nambala ya kubanki osaphethira. Komanso malume amaiwala kuti miyezi imene amati kwacha imafooka ndi yomweyo imene feteleza ndi chimanga zimakwera mtengo. Ndikawauza zimenezi amangoti ana a masiku ano timakonda makani.

Pali nkhani ina imene sindingaizembe, poti aliyense wowerenga akuidziwa. Nambala ya kubanki si yokhayo m'dziko muno. Mu 2025 dola ya pamsika wamseri idapitirira kawiri mtengo wovomerezeka. Ndipo ku Misuku zimenezi zimaluma kwambiri, chifukwa tili pamphepete pa mtsinje wa Songwe ndipo katundu wambiri wa m'magolosale mwathu amachokera ku Tanzania. Wamalonda amene wakapikula mafuta ophikira kapena zitenje kutsidya sagula mashilingi pa mtengo wa Reserve Bank. Amagula pa mtengo wa pamalire, ndipo mtengo umenewo ndi umene amauika pa katundu wake. Ndiye taonani mmene zilili kwa mayi wolandira ndalama kudzera njira yovomerezeka: ndalama yake imalowa pa mtengo wa kubanki, koma imatuluka pa mtengo wa pamalire. N'chifukwa chake mu 2024 ndi 2025 pafoni pankaoneka K95, K97, K100 pa randi, ngati palibe chasintha, pamene amayi akunena kuti ndalama yomweyo sikufikanso pakati pa mwezi. Alimi a khofi akudziwa bwino ululu umenewu. Khofi wa ku Misuku, amene amadutsa ku Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, amakamwedwa kunja ndi anthu olipira madola, koma mlimi amalandira makwacha, n'kukagula feteleza amene mtengo wake ukuthamanga ndi dola.

Mpata umenewu ndi umene umakokera anthu kwa amalonda amene amafuna marandi kuno kuti apikule katundu, iwo n'kupereka makwacha kumudzi pa mtengo wokwera. Sindinamizira kuti sindikudziwa chifukwa chake anthu amapita kumeneko; kusiyana kwake n'kwakukulu moti masenti 30 amene timadzukira m'mawa amaoneka masewera. Koma ziwiri ndizinene. Malamulo a dziko la Malawi salola kusintha ndalama zakunja kunja kwa mabanki ndi malo ovomerezeka, ndipo anthu amamangidwa nazo. Chachiwiri, ulibe pogwira. Mnzathu wa ku Mzimba adapereka R4,000 kwa munthu amene adam'tumizirapo bwinobwino kanayi konse. Kachisanu foni idangozima. Alibe lisiti, alibe ofesi yokagogoda, ndipo kupolisi sangapite chifukwa akayamba ndi kudziulula yekha. Reti imene adalonjezedwa idali yokoma kwambiri mwezi umenewo, ndipo patapita nthawi tidazindikira kuti kukomako ndiye kudali chizindikiro.

Kwa amene timadutsa njira zovomerezeka, pali pena pamene maso amathandizadi, koma si pa kalendala. Nambala imene imaoneka ukafunsa pa Google ndi ya pakatikati, imene mabanki amagulitsirana okhaokha, ndipo palibe kampani imene ingakupatse imeneyo. Makampani monga Mukuru, Mama Money ndi Hello Paisa aliyense amaika reti yake ndi chindapusa chake chotumizira. Wina reti yokoma koma chindapusa chokwera, wina chindapusa chochepa koma wabisa phindu lake mu reti. Njira yokhayo yowayerekezera ndi kufunsa funso limodzi kwa onse, ola lomwelo: ndikatulutsa R3,000 yonse m'thumba, kumudzi kufika makwacha angati? Ine ndapeza kangapo kuti kusiyana kwa makampani awiri tsiku limodzi kumaposa kusiyana kwa Lolemba ndi Lachisanu pa kampani imodzi. Ndiye uwonjezerepo ndalama imene wolandirayo adulidwe potapa ku Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndi ya kabaza ngati akuyenera kutsika phiri kukaitenga. Munthu ukhoza kupambana K5,000 pa reti n'kuitaya yonse pa njinga yamoto yopita kwa ejenti amene ali ndi ndalama.

Za ma ejenti zili ndi kalendala yakeyake, ndipo imeneyo ndiye yofunika kuidziwa. Kumapeto kwa mwezi aphunzitsi ndi azaumoyo amakhala akutapa malipiro, ife a kunja tonse tatumiza nthawi imodzi, ndiye ndalama ya m'manja imatha msanga pa malo ang'onoang'ono ngati kwathu. Banki ili ku boma ku Chitipa kapena ku Karonga, ulendo wa tsiku lathunthu kupita ndi kubwera, ndipo nthawi ya mvula ejenti sangapite kukatenga ndalama tsiku lililonse. Masiku amene amalonda agulitsa bwino n'kuika ndalama zawo mufoni, ejenti amakhala nazo zambiri. Mng'ono wanga tsopano amayamba wafunsa ejenti kuti “mawa mukhala nazo zingati?” ndisadakanize batani kuno. Ikakhala ndalama ya katundu wamkulu sititapanso n'komwe. Iye amapita ku Karonga ndi ya thiransipoti yokha, akafika amasankha katundu, amandiimbira, ine n'kutumiza, iye n'kulipira wa sitolo kuchokera pafoni pomwepo. Makwacha amakhala m'manja mwathu mphindi 20, osati sabata.

Feteleza wa khofi wa chaka chino tidagula choncho, mu Okutobala, mvula isadatseke msewu. Tsiku limenelo randi idali itafookako, ndipo mnzanga wa ku Kameme adandiuza kuti ndidikire Lachinayi, akuti nkhani za ku America zituluka ndipo dola igwa. Mwina idagwadi, sindidayang'ane. Matumba adakwera phiri Lachiwiri madzulo, ndipo amayi adandiimbira kudandaula kuti woyendetsa galimoto adawatsitsira kumsewu m'malo mofika nawo pakhomo.

Chipinda chachitatu chija tidachimanganso chaka chotsatira, ulendo uno ndi simenti m'mizere ya m'munsi. Malata ake 10 adagulidwa pa mtengo umene sindifuna kuutchula, ndipo ndi a kampani ina, choncho mtundu wake ndi wosiyana pang'ono ndi 20 oyamba aja. Ukaima kumunda kwa khofi n'kuyang'ana kumtunda, umaona bwinobwino pamene akale adathera. Nditapita ku tchuthi cha Khirisimasi, amayi adandilozera malo amenewo ndi ndodo yawo, alendo ali pomwepo, n'kunena kuti: “Apo ndi pa reti.” Ana a m'mudzi adalitola dzinalo, moti chipindacho mpaka pano amachitcha Pareti. Ndimo mmene ndimagona ndikapita.

Kakope kaja ndikadali nako, kali pansi pa matiresi. Ndipo m'mawa wina akafunsa ali m'bulangete kuti lero ili pa zingati, nthawi zambiri woyankha ndimakhala ine ndemwe.